Kumasulira Thesisi Popanda Kusokoneza Marefarensi

Funso: Ndapatsidwa ntchito yomasulira thesisi ya digiri yachiwiri kuchoka m'Chingerezi kupita m'Chichewa. Inalembedwa mu Word, marefarensi ake ndi a sitayilo ya APA 7 oikidwa ndi pulogalamu ya Zotero, ndipo ili ndi mawu a m'munsi 64. Nditamaliza chaputala choyamba ndaona kuti manambala a mawu a m'munsi asokonekera, mabuku ena asowanso pamndandanda wakumapeto. Ndimasulire ziti, ndisiye ziti, nanga zasokonekerazi ndikonze bwanji?

Yankho: Tiyambe ndi mabuku asowawo, chifukwa vuto limenelo si la chilankhulo. Dzina ndi chaka zimene mukuziona m'mabulaketi pakati pa chiganizo, zomwe timazitcha saiteshoni, si zilembo wamba zongotayipidwa. Kuseri kwake kuli filudi, kutanthauza kachidutswa kobisika komwe Zotero inaikamo zonse zokhudza bukulo. Tsegulani fayilo ya Chingerezi n'kudina `Alt+F9`, muona pamalo pa saiteshoni iliyonse patuluka mzere wautali wokhala ndi mawu akuti `ADDIN ZOTERO_ITEM CSL_CITATION`. Mndandanda wakumapeto umapangidwa kuchokera m'mafiludi amenewa. Mukafufuta ndime yonse n'kulemba ya Chichewa, dzina ndi chaka n'kuzitayipanso ndi manja, pamaso zimaoneka bwinobwino koma filudi yapita, ndipo Zotero ikadzawerenganso imaona ngati bukulo silinatchulidwe pena paliponse, n'kulichotsa. Mawu a m'munsi nawo ndi chimodzimodzi: kanambala kali m'ndimeko ndiko kamagwira mawu ali pansi pa tsamba. Kakafufutika, mawuwo amapita nako, ndipo manambala onse otsatira amatsika ndi imodzi.

Choncho chaputala choyambacho musachikonze pochita kusokasoka. Bwererani ku fayilo ya Chingerezi, muisunge ndi dzina lina kudzera pa `Save As`, ndipo muzimasulira mkati mwa kope limeneli. Musanalembe kanthu chitani zinthu zitatu. Pa `File > Options > Advanced` sinthani `Field shading` ikhale `Always`, kuti filudi iliyonse izioneka yotuwa, muzidziwa poyenera kulambalala. Mu `Document Preferences` ya Zotero chotsani chizindikiro pa `Automatically update citations`, kuti isamasinthe zinthu muli mkati mwa ntchito. Zimitsaninso `Track Changes`, chifukwa ikakhala yoyaka nambala ya mawu a m'munsi ofufutidwa imawerengedwabe mpaka kusinthako kutavomerezedwa, ndipo mumaona manambala akudumpha popanda chifukwa chooneka. Mukatero, tengani Chichewa munalemba kale chija muzichimata chiganizo ndi chiganizo ndi `Keep Text Only`, pakati pa mafiludi, osakhudza otuwawo. Chiganizo cha Chichewa chikafuna kuti saiteshoni isunthe, idulani yathunthu ndi mabulaketi ake omwe, n'kuimata pamalo patsopano mwa nthawi zonse, osati ngati zilembo zokha.

Tsopano za kusankha chomasulira ndi chosiya. Refarensi ndi adiresi. Ntchito yake ndi yoti wowerenga akalowa mulaibulale kapena akafufuza pa intaneti akapeze buku lenilenilo, tsamba lenilenilo. Chilichonse chimene wowerenga adzatayipe pofufuza chisakhudzidwe. Chimene chili mawu a mwini thesisi ndicho chanu chomasulira. Tiyese ndi nkhani yodziwika bwino kwa ophunzira za malamulo a chilankhulo chathu:

```
Bresnan, J., & Mchombo, S. A. (1987). Topic, pronoun, and agreement
    in Chicheŵa. Language, 63(4), 741–782.
```

Muno mulibe liwu ndi limodzi lomwe loti muchotse n'kuikapo la Chichewa. Dzina la magazini ya kafukufukuyi ndi `Language`, ndipo mukalisandutsa "Chilankhulo" mwapanga magazini imene kulibe. Onaninso kalembedwe ka dzina la chilankhulo pamutuwo, kali ndi `ŵ`. Buku la a Mchombo omwewo la 2004, lotsindikizidwa ndi Cambridge University Press, lili ndi `w` wamba pamutu pake. Mtima wa womasulira umafuna kuti zonse zifanane ndi kalembedwe ka thesisi, koma apa ugwireni: mutu uliwonse ukhale monga unasindikizidwira. Chilembocho chikasowa pakiyibodi, mu Word lembani `U+0175` n'kudina `Alt+X`. Momwemonso mabuku ambiri akale, makamaka asanafike 1968 pamene dzina loti Chichewa linakhazikitsidwa kuno ku Malawi, amanena za Nyanja kapena Chinyanja, ndipo ku Zambia ndi ku Mozambique mayina amenewa ndi omwe akugwirabe ntchito. Mutu wotere suyenera "kukonzedwa". Nyasaland akhale Nyasaland.

Chimene APA imalola n'kuwonjezera, osati kusintha. Buku likakhala m'chilankhulo chosiyana ndi cha pepala lanu, mutu wake umalembedwa monga ulili, kenako tanthauzo lake m'mabulaketi a makona, mpumiro n'kubwera pambuyo pa bulaketi:

```
Topic, pronoun, and agreement in Chicheŵa [Mutu wa nkhani,
    mlowam'malo ndi kugwirizana kwa mawu m'Chichewa].
```

Omasuliridwa ndi mutu wa nkhaniyo wokha, dzina la magazini ayi. Ikakhala chaputala cha m'buku la alembi ambiri, mumamasulira mutu wa chaputala, wa buku lonse n'kuusiya. Ukakhala mutu wa buku, womwe umalembedwa ndi zilembo zopendekera, tanthauzo la m'mabulaketi silipendekera.

Koma taganizani kaye musanayambe. Ngati mndandanda uli ndi mabuku 90 ndipo 80 mwa iwo ndi a Chingerezi, lamuloli likutanthauza mitu 80 yomasulira, yambiri yodzaza ndi mawu aukatswiri omwe m'Chichewa sanakhazikike. Maganizo anga ndi akuti funso ili lipite kwa mwini thesisi ndi supavaiza wake ntchito isanapite patali. Ngati owerenga ake ndi aphunzitsi ndi ophunzira odziwa Chingerezi, n'zomveka kumasulira mitu ya Chipwitikizi, Chifalansa ndi Chijeremani yokha, n'kulemba chiganizo chimodzi pamwamba pa mndandanda chonena kuti mwatero. Ngati ikupita kwa mafumu ndi anthu a m'dera limene kafukufuku anachitikira, masulirani yonse. Chosayenera n'kumasulira apo ndi apo, mitu yophweka yokha. Ndipo musaiwale mbali inayo: mabuku a Chichewa omwe m'thesisi ya Chingerezi anali ndi tanthauzo la Chingerezi m'mabulaketi, tsopano mabulaketiwo achoke, alibenso ntchito.

Pali chifukwa china chosachotsera mutu weniweni, chomwe anthu sachiona mpaka woyesa mayeso atachitulukira. Mlembi mmodzi akakhala ndi zolemba ziwiri m'chaka chimodzi, APA imazisiyanitsa ndi `a` ndi `b` pambuyo pa chaka, ndipo zilembozi zimagawidwa potsata alifabeti ya mitu. Tinene kuti mutu wina ukuyamba ndi `Agreement`, wina ndi `Tone`. Woyambawo ndi `a`, wachiwiri ndi `b`. Mukawasandutsa "Kugwirizana" ndi "Kamvekedwe", "Ka" amatsogola "Ku", ndiye zilembo zija zatembenuka. Saiteshoni zamoyo Zotero idzazitembenuza, koma paliponse pamene mlembi anachita kutayipa `2004a` ndi manja pazidzaloza nkhani yolakwika, ndipo palibe chimene chidzakuchenjezeni. Mutu weniweni ukakhala patsogolo, tanthauzo pambuyo, dongosolo silisuntha.

Mayina a mabungwe ali m'gulu lomweli. Lipoti la kalembera wa anthu wa 2018 lili pansi pa `National Statistical Office`, pa chilembo N. M'chiganizo muli ndi ufulu wonena kuti "ofesi ya boma yoona za chiwerengero cha anthu inapeza kuti", koma m'mabulaketi dzina likhale lomwe lili pamndandanda. Mukalemba dzina la Chichewa m'mabulaketi, wowerenga akalifuna pa O kapena pa B n'kulisowa.

Pamene Chichewa chimalowa ndi pomwe dzina la mlembi lili mbali ya chiganizo. APA ili ndi mitundu iwiri ya saiteshoni, ndipo malire ake ndi othandiza kwambiri kwa womasulira:

```
(Bresnan & Mchombo, 1987, p. 745)
Bresnan ndi Mchombo (1987) akusonyeza kuti ...
```

M'mabulaketi chizindikiro `&` chimakhala chomwecho. M'chiganizo, pamene Chingerezi chinali ndi liwu lolumikizira, inu muike "ndi". Kawirikawiri mayina a m'chiganizo amakhala otayipidwa ndi manja, filudi n'kukhala chaka chokha chifukwa mlembi anasankha `Omit Author`, choncho mukhoza kuwakhudza popanda mantha. Funso la ulemu limabuka pomwepa: "Mchombo (2004) akuti" kapena "a Mchombo (2004) akuti"? Zonse n'zotheka, koma sankhani imodzi pa thesisi yonse, kwa amoyo ndi omwalira, akuno ndi akunja, ndipo "a" ameneyo asalowe m'mabulaketi kapena pamndandanda. Alembi akakhala atatu kapena kuposa, APA 7 imalemba woyamba yekha ndi `et al.` kuyambira pa saiteshoni yoyamba. "Ndi anzake" amakoma m'kamwa, ndikuvomereza, koma mu APA `et al.` ndi mbali ya sitayilo, m'mabulaketi ndi m'chiganizo momwe. Musiyeni, mungokumbukira kuti mneni wotsatira ndi wa anthu ambiri.

Timawu tina ta sitayilo, monga `p.`, `pp.`, `Ed.`, `Trans.`, `n.d.` ndi `In`, ndikulangizani kuti mutisiyenso. Zotero imatha kutisintha kupita m'Chifalansa kapena m'Chipwitikizi pa `Language` mu `Document Preferences`, koma Chichewa pamndandanda wa zilankhulozo palibe, ndipo chidule chogwirizanika cha "tsamba", "masamba" kapena "mkonzi" chimene wowerenga aliyense angachizindikire sitinakhale nacho. Mukatayipa "tsamba 745" mkati mwa filudi, Zotero idzakufunsani ngati mukufuna kusunga zimene mwasinthazo. Mukavomera, saiteshoni imeneyo yauma, sidzasinthanso ngakhale mlembi atakonza chaka cholakwika. Mukakana, Chichewa chanu chafufutika. Zimene mungamasulire bwinobwino ndi mawu a mlembi omwe ali mkati mwa mabulaketi, onga "onaninso", "mwachitsanzo", "monga watchulira", "kutsindika ndi kwanga". Amenewa ali ndi malo awo: ikani kesa pa saiteshoniyo, dinani `Add/Edit Citation`, dinani dzina la bukulo, n'kulemba Chichewa mu `Prefix` kapena `Suffix`. Mukadzera njira imeneyi filudi imakhalabe yamoyo. Dipatimenti ikaumirira kuti ngakhale `pp.` akhale m'Chichewa, zimenezo zichitike kumapeto kwenikweni, pakope lomwe mafiludi achotsedwa.

Mawu ogwidwa, aja okhala m'mitengero, ndiwo amafuna mutu kwambiri. Mitengero imauza wowerenga kuti zilembo izi akazipeza patsamba lakuti. Mukamasulira chiganizo cha m'buku la Chingerezi n'kusiya mitengero ndi `p. 745`, mwanena bodza laling'ono, chifukwa patsamba limenelo palibe Chichewa. APA imaona kumasulira kwa mwini pepala ngati kufotokoza m'mawu ake, choncho mitengero imachoka, dzina, chaka ndi tsamba n'kutsala. Njirayi ndi yabwino pamene chofunika ndi ganizo. Koma pamene mlembi akukangana ndi liwu lenileni limene wina anagwiritsa ntchito, kapena akugwira mawu a lamulo kapena ndakatulo, siyani Chingerezicho m'mitengero ndi saiteshoni yake, tanthauzo la Chichewa libwere pambuyo. Kumayambiriro kwa thesisi lembani chiganizo chimodzi chonena kuti mawu ogwidwa amasuliridwa ndi womasulira kupatula pamene patchulidwa wina.

Msampha waukulu uli pa mawu omwe poyamba anali a Chichewa. Tengani *Mbiri ya Achewa* ya Samuel Josia Ntara. Bukuli linamasuliridwa m'Chingerezi ndi W. S. Kamphandira Jere n'kutuluka mu 1973 ku Wiesbaden, ndipo olemba mbiri m'Chingerezi amakonda kugwira mawu m'kope limeneli. Inu mukatenga Chingerezi cha a Jere n'kuchibwezera m'Chichewa, mutulutsa chiganizo chomveka ndithu, koma sichikhala chimene a Ntara analemba, ndipo wowerenga wokhala ndi buku la Chichewa m'nyumba mwake adzaona kuti mawu asiyana. Chofunika n'kupeza buku la Chichewalo, kufufuza ndimeyo, n'kuikopera chilembo ndi chilembo, ngakhale kalembedwe kake katakhala kakale. Mukatero gwero lasintha: pafunika refarensi yatsopano ya kope la Chichewa, chaka chake ndi tsamba lake, chifukwa masamba a makope awiriwa sangafanane. Kumeneku n'kusintha thesisi, choncho mwini wake avomereze. Bukulo likapanda kupezeka, siyani refarensi ya 1973, chotsani mitengero, n'kufotokoza ganizolo. Dzina la mlembiyu limapezeka ngati Ntara kwina, Nthara kwina. Pa refarensi iliyonse tsatani zimene zili patsamba la mutu la kope limene mwagwiritsa ntchito.

Zomwezi zikukhudza mawu a anthu amene anafunsidwa pakafukufuku. Ngati agogo ena anayankhula m'Chichewa, mlembi n'kumasulira m'Chingerezi, pemphani zolemba zoyambirira za zokambiranazo. Kuwapangira agogowo Chichewa chatsopano kuchokera m'Chingerezi n'kuwalanda mawu awo.

Kakang'ono koma koonekera: mu APA mawu ogwidwa okwana 40 kapena kuposa amaikidwa pandime yawoyawo yolowa mkati, popanda mitengero, ndipo saiteshoni imabwera pambuyo pa mpumiro. Chichewa chimamanga zambiri m'liwu limodzi. "Sindinamuonenso" ndi liwu limodzi pamene Chingerezi chimafuna asanu ndi limodzi. Choncho ndime ya mawu 43 m'Chingerezi ikhoza kukhala ya mawu 31 m'Chichewa choyambirira. Werengani mawu. Akachepera 40 abwerere m'ndime, mitengero ibwere, mpumiro upite pambuyo pa bulaketi.

Tifike pa mawu a m'munsi 64 aja. Mu APA amenewa si osungira marefarensi, ndi owonjezera ndemanga, choncho ambiri mwa iwo ndi mawu a mlembi oti amasuliridwe monga ndime ina iliyonse, saiteshoni za mkati mwake n'kutsata zimene tanena kale. Dinani pansi pa tsamba, mumasulire pomwepo, osafufuta kanambala koyambira mzere. M'ndime, kanambala kamatsata mfundo imene kakuichitira ndemanga, osati malo amene kanali. Chiganizo chachitali cha Chingerezi mukachigawa pawiri, dzifunseni kuti ndemangayo ikukamba za theka liti, n'kusunthira kanambala kumeneko, pambuyo pa mpumiro kapena mpatuliro. Ziganizo ziwiri zikasinthana malo, Word isinthanitsa manambala yokha, ndipo 22 wa m'Chichewa adzakhala 23 wa m'Chingerezi. Lembani zimenezi penapake.

Muthesisi ya za kuno mupezamo mawu a m'munsi ofotokozera mlendo kuti chinamwali n'chiyani, nkhoswe ndani, dambwe ndi malo otani. Kwa wowerenga Chichewa ambiri mwa amenewa alibe ntchito, ena mpaka amaseketsa. Werengani kaye bwino musanachotse, chifukwa nthawi zina mkati mwa tanthauzolo mumakhala mfundo ya mlembi, monga yakuti liwulo akuligwiritsa ntchito mosiyana ndi mmene anthu a kwinakwake amalimvera, kapena mumakhala saiteshoni yokhayo ya buku lina, lomwe lidzasowe pamndandanda mukafufuta. Ngati mulibedi kanthu ndipo mwini wavomera, fufutani kanambala ka m'ndime, osati mawu a pansi okha. Kenako tsatani zotsatira zake. Tinene kuti mwachotsa nambala 9. Onse otsatira atsika ndi imodzi, ndipo mawu a m'munsi omwe anali 31, onena kuti "onani mawu a m'munsi 14", tsopano akuloza malo olakwika, chifukwa 14 uja wasanduka 13. Ngati mlembi anaika nambalayo kudzera pa `Cross-reference`, iwoneka yotuwa ndipo idzakonzeka mukaisankha n'kudina `F9`. Dziwani kuti `Ctrl+A` m'ndime safika pansi pa tsamba, muyenera kudina mkati mwa mawu a m'munsi n'kuchitanso chimodzimodzi. Ngati nambalayo inatayipidwa ndi manja, ikonzeni nokha, ndipo ndi bwino kuisandutsa `Cross-reference` pomwepo. Siyanitsaninso masamba amitundu iwiri: "tsamba 52" la buku la munthu wina silisintha, koma "onani tsamba 52 pamwambapa" ndi tsamba la thesisi yomweyi, ndipo m'Chichewa lidzasuntha ndithu. Otere muwalembe chizindikiro chachikasu, mudzawakonze zonse zitatha.

Inunso mudzafuna kuikapo ndemanga zanu, mwina kufotokoza chifukwa chimene mwasankhira liwu lakuti pomasulira liwu laukatswiri. Musazipatse nambala. Tsegulani bokosi la `Footnote and Endnote` pa `References`, lembani `*` pa `Custom mark`, ndipo kumapeto kwa ndemangayo lembani kuti "Womasulira". Mawu a m'munsi a chizindikiro chotere salowa m'chiwerengero, choncho manambala a mlembi sasuntha, ndipo palibe adzaike mawu anu m'kamwa mwa mlembi.

Za kuika matanthauzo a mitu mu Zotero pali chenjezo. Malo ake ndi mu `Title` ya bukulo, ndipo kuti tanthauzo lisapendekere limodzi ndi mutu wa buku mumalizinga motere:

```
The syntax of Chichewa <i>[Kapangidwe ka ziganizo m'Chichewa]</i>
```

Chizindikirocho chimatembenuza kupendekera, ndiye mkati mwa mutu wopendekera kale chimaimitsa zilembo. Koma zimenezi zimachitikira mulaibulale ya Zotero ya mwini thesisi. Inu pakompyuta yanu saiteshoni zizigwira ntchito, chifukwa zofunika zake zili m'fayilomo, koma mitu simungaisinthe. Komanso mwiniyo akasintha mulaibulale yake, thesisi ya Chingerezi nayo idzatenga mabulaketi a Chichewa tsiku limene adzadine `Refresh`. N'chifukwa chake njira yosavuta ndi iyi: malizani kumasulira konse mafiludi ali amoyo, dinani `Refresh` komaliza, sungani kope limenelo padera, kenako pa kope lina dinani `Unlink Citations`. Izi sizibwezeka fayilo ikasungidwa. Pa kope lachiwirili ndi pomwe muwonjezere matanthauzo a mitu ndi manja, n'kusinthanso `pp.` ngati dipatimenti yalamula. Posintha ndi `Replace` pitani kamodzikamodzi ndi `Find Next`, chifukwa `Replace All` pa `In` kapena `ed.` imalowa mpaka m'mitu ya mabuku ndi m'maadiresi a DOI.

Musanadule mafiludi, werengani. M'mafayilo onse awiri dinani `Alt+F9` n'kufufuza `ZOTERO_ITEM`, m'ndime ndi m'mawu a m'munsi momwe. Chiwerengero cha m'Chingerezi ndi cha m'Chichewa chifanane, kupatula zimene munachotsa kapena kuwonjezera mwadala. Fufuzani `^f` kuti muwerenge mawu a m'munsi: ngati munachotsa atatu n'kuwonjezera anu asanu, nambala yomaliza ya mlembi ikhale 61, ndipo nyenyezi zanu zisanu muziwerenge padera. Pomaliza kopani mndandanda wa Chingerezi ndi wa Chichewa m'mafayilo awiri atsopano, muwayerekeze ndi `Review > Compare`. Pa nthawi imeneyo, matanthauzo a mitu asanalowe, kusiyana koyenera kuoneka ndi mutu wa mndandanda womwe mwaumasulira ndi refarensi yatsopano ya kope la Chichewa la a Ntara, ngati munalipeza. Mzere wina uliwonse wofiira ukusonyeza buku limene filudi yake inafufutika, ndipo dzina la mlembi wake ndilo mukafufuze m'thesisi ya Chingerezi kuti mupeze ndime yoti mukabwezeretse.